Makina akakonza galamala ndi pamene akulemberani: malire ali pati?

*Ndikumaliza digiri yachiwiri ndipo disetesheni yanga ndikulemba m'Chingerezi. Ndime zanga ndimadutsitsa mu Grammarly, nthawi zina ndimauza ChatGPT kuti andiwongolere Chingerezi. Mnzanga wina akuti kumeneko n'kubera, wina akuti aliyense akutero. Chaputala chimodzi ndikufuna kudzatumiza ku magazini ya zakafukufuku. Kodi kukonza galamala kumathera pati, ndipo kulembetsa makina kumayambira pati? (Mayi wina, Zomba)*

Mayi, anzanu awiriwo onse akuyang'ana dzina la pulogalamu, pomwe mayunivesite ndi akonzi a magazini amayang'ana china. Iwo amafunsa kuti: amene anasankha zoti chiganizochi chinene chiyani ndani? Ngati munasankha ndinu, makina n'kungokonza kalembedwe ka mawu, mneni wosagwirizana ndi dzina, mpatuliro wosowa kapena mperekezi wolakwika, kumeneko ndi kukonza. Ngati makina ndi amene aika mfundo, asintha mphamvu ya mfundo yanu, asanja dongosolo la mtsutso kapena abweretsa mabuku oti muwatchule, akulemberani, ngakhale atangosintha mawu anayi okha.

Dzina la pulogalamu silithandizanso chifukwa kuyambira 2023 mapulogalamu ambiri ali ndi mbali ziwiri m'nyumba imodzi. Grammarly imene kale inkangodula mzere wofiira pansi pa mawu olakwika, lero ili ndi batani lolemberanso ndime yonse. Mu Word muli Editor, wokonza galamala, komanso muli Copilot, amene amatha kulemba tsamba lathunthu kuchokera pa lamulo la mzere umodzi. Nayenso ChatGPT mukhoza kumugwiritsa ntchito yongotola zolakwika basi. Choncho munthu akanena kuti "ine ndinangogwiritsa Grammarly", sananenebe kanthu. Funso ndi loti anadina batani liti, ndipo anavomereza kusintha kotani.

Tione chiganizo chimodzi pafupi. Tiyerekeze kuti munacheza ndi alimi 48, ndipo 31 mwa iwo anakuuzani kuti feteleza anafika mochedwa. Mzere woyamba pansipa ndi wanu, wachiwiri ndi wokonzedwa galamala, wachitatu ndi wa mtundu umene umatuluka mukauza makina kuti chiganizocho chimveke chaukatswiri.

```
Most of farmers (31 of 48) who was interviewed said fertilizer arrive late.
Most of the farmers interviewed (31 of 48) said that fertilizer arrived late.
Late fertilizer delivery significantly reduced yields among smallholder farmers.
```

Pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri palibe chimene chasintha pa zimene mukunena. Alimi akadali 31 mwa 48, ndipo akadali iwowo amene "ananena". Mzere wachitatu ndi wosalala kuposa yonse, koma wachita zinthu zinayi zimene inu simunachite. Wachotsa nambala. Wasandutsa zimene alimi ananena kukhala chinthu chotsimikizika. Wabweretsa nkhani ya zokolola, imene m'chiganizo chanu munalibe, n'kunena kuti kuchedwako ndi kumene kunazichepetsa. Ndipo waika mawu oti significantly, amene pa kafukufuku amatanthauza kuti munayesa ziwerengero zanu ndi masamu ndipo kusiyanako kunapezeka kuti si kwangozi. Tsiku lodifenda, woyesa akadzaloza mawu amenewo n'kufunsa kuti munagwiritsa mayeso anji, mudzasowa chonena, chifukwa mfundoyo si yanu. Apa ndiye pali malire enieni, ndipo mukuona kuti sakuyendera kuchuluka kwa mawu osinthidwa.

Izi zimachitika chifukwa cha mmene makinawa amagwirira ntchito. Pulogalamu yachikale yokonza galamala imafananiza chiganizo chanu ndi malamulo, n'kuloza malo amodzi amodzi kuti inu muvomereze kapena kukana. Mapulogalamu olemba okha sakonza m'chiganizo chanucho ayi. Amatulutsa chiganizo chatsopano kuyambira pachiyambi, posankha mawu amene kawirikawiri amatsatana m'zolemba zambirimbiri zimene anaphunzirapo. M'mapepala ambiri a zaulimi, kuchedwa kwa feteleza kumayenda limodzi ndi kuchepa kwa zokolola, ndiye makina amakokera komweko. Mawu ochenjera amene wofufuza amaika dala, monga "mwina", "ena mwa iwo", "m'dera limeneli", ndi amene amayamba kugwa, chifukwa kwa makina amaoneka ngati zinyalala zotalikitsa chiganizo.

Tsopano za magazini. Akonzi sakuyesani mayeso a Chingerezi. Chimene amafuna ndi munthu woti adzayankhe pepalalo likadzapezeka ndi vuto. N'chifukwa chake ChatGPT atangotuluka pa 30 Novembala 2022, chinthu choyamba chimene anagwirizana chinali choti makina sangalembedwe ngati mlembi. Magazini ya Nature inanena zimenezi mu Januwale 2023, ndipo bungwe la COPE, limene limapereka malangizo a khalidwe loyenera pofalitsa kafukufuku, linatsimikiza mu Febuluwale chaka chomwecho: makina sangasenze udindo, sangasaine chikalata, sanganene ngati ali ndi phindu lobisika pa nkhaniyo.

Pa funso lanu lenileni, makampani akuluakulu ofalitsa magazini anadula mzere pafupifupi pamalo amodzi. Springer Nature imati ngati makina angowongola zolemba za munthu kuti ziwerengeke bwino, kukonza galamala, kalembedwe ka mawu ndi zizindikiro, palibe chifukwa choulula. Koma ikuti chilolezo chimenechi sichifika pa ntchito yoti makina apange okha zonena, ndipo kugwiritsa kotero kuyenera kulembedwa m'gawo lofotokoza njira za kafukufuku. Elsevier imafuna kandime kapadera kumapeto kwa pepala, m'ndandanda wa mabuku usanayambe, kotchula pulogalamu ndi ntchito imene inagwira, koma zida wamba zoyang'ana galamala ndi kalembedwe siziwerengedwa. Magazini ya Science inayamba ndi kuletseratu mawu alionse otuluka m'makina mu Januwale 2023, kenako mu Novembala inafewetsa n'kulola, bola mlembi aulule mwatsatanetsatane, kuphatikizapo malamulo amene anapereka kwa makinawo. Nkhani ya Science ikuphunzitseni kanthu kamodzi: malamulowa amasintha pa miyezi yochepa, ndiye muwerenge tsamba la malangizo a olemba la magazini yanuyo sabata imene mukutumiza, osadalira zimene munamva chaka chatha.

Amene anaika bwino kwambiri masitepe a nkhaniyi, m'kuona kwanga, ndi okonza msonkhano wa ACL wa 2023, wa akatswiri a zilankhulo ndi makompyuta. Pansi penipeni anaika thandizo la chilankhulo chokha, losafunika kuulula. Pamwamba pake anaika mawu ofotokoza zinthu zodziwika kale: awa makina akakulemberani munene malo ake, muone ngati ali oona, ndiponso mufufuze ngati sanatengedwe kwa munthu wina. Kenako maganizo atsopano ochokera kwa makina amene inu mwawalemba nokha, ofunika kuvomereza poyera. Pamwamba penipeni, maganizo atsopano pamodzi ndi mawu ake, zimene anati ndi bwino kuzipewa. Msonkhano wina wa chaka chomwecho, wa ICML, unangodula pawiri: mawu opangidwa ndi makina kwathunthu ayi, kusalaza zimene mlembi walemba yekha inde.

Yunivesite ili ndi nkhawa ina, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Magazini imafuna kudziwa ngati pepala lili loona. Yunivesite imafuna kudziwa ngati inuyo mukutha. Choncho chimene magazini ingalole ndi kandime koulula, dipatimenti yanu ikhoza kuchikana, chifukwa chimene makinawo achita ndi chimene amafuna kukupatsirani malikisi. Yunivesite ya UCL ku London, mwachitsanzo, imagawa ntchito za ophunzira m'magulu atatu: zimene makina a AI saloledwa konse, zimene angathandizire pang'ono, ndi zimene kugwiritsa makinawo ndi mbali ya ntchito yeniyeniyo. Gulu silisankhidwa pa sukulu yonse koma pa asainimenti iliyonse, ndipo amasankha ndi mphunzitsi wa phunzirolo. Mfundo yake ndi yomveka. Pa disetesheni ya zaulimi, mperekezi wolakwika si chimene akuyesa, ndiye kukonza galamala sikubisa kanthu. Pa phunziro la luso lolemba Chingerezi la chaka choyamba, galamalayo ndiye mayeso, ndipo ngakhale mzere wofiira uja ukhoza kukhala kubera.

Malire amenewa si achilendo. Makina asanabwere, mayunivesite ambiri anali kale ndi malamulo a munthu wowerengera mnzake disetesheni: aloze zolakwika za chilankhulo, koma asasinthe mtsutso, asawonjezere mfundo, asasunthe ndime, asakonze masamu. Ngati dipatimenti yanu ilibe lamulo lolembedwa la makina, tengani lamulo limenelo ngati muyezo. Chimene simukanalola msuweni wanu wodziwa Chingerezi kukuchitirani popanda kuuza asupavaiza, makina asakuchitireninso.

Pali malo atatu apakati amene amavuta, ndipo oyamba ndi mabatani osintha mawu, monga a QuillBot. Ambiri amawaona ngati okonza galamala, koma ntchito yawo ndi ina. Mukaika ndime yanu, zimachitika zija taona pa feteleza. Mukaika ndime ya m'buku la munthu wina kuti isagwidwe ndi pulogalamu yofufuza kukopera, kumeneko ndi kuba ntchito ya wina basi, lamulo lake ndi lakale ndipo silifuna kukambirana za AI. Zimadziwikanso msanga, chifukwa makina amasintha ngakhale mawu a ukatswiri amene sayenera kusinthidwa. Mu 2021 ofufuza atatu, Cabanac, Labbé ndi Magazinov, anasonyeza mapepala ofalitsidwa amene mawu oti artificial intelligence anasanduka counterfeit consciousness. Mphunzitsi wa phunziro lanu akaona dzina lodziwika la chinthu litavala malaya achilendo chotero, amadziwa kumene lachokera.

Achiwiri ndi kumasulira. Ambiri a ife timaganiza m'Chichewa, ndipo pali chiyeso cholemba ndime m'Chichewa n'kuipereka kwa makina kuti aisandutse Chingerezi. Maganizo ndi anu ndithu, koma chiganizo chilichonse cha Chingerezicho ndi cha makina, ndiye sindingakuuzeni kuti kumeneko ndi kukonza galamala. Kumafunika kufunsa kaye ndi kuulula. Vuto lalikulu lili pa mawu a anthu amene munacheza nawo. Mlimi akati "feteleza anabwera chimanga chitamasula kale", wanena nthawi yeniyeni ya mbewu, ndipo nthawi imeneyo ndi umboni. Makina akhoza kungoti anabwera mochedwa, kapena kumva "kumasula" ngati kumasula chingwe. Mawu a anthu mumasulire nokha, muonetse wina wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndipo musawadutsitse m'makina osalaza, chifukwa wolankhulayo sanalankhule Chingerezi cha m'magazini. Kumbukiraninso zimene munalonjeza pa fomu yopempha chilolezo kwa anthuwo. Kuika zokambirana zokhala ndi mayina a anthu ndi midzi pa pulogalamu ya pa intaneti ndi kuzipereka kwa kampani ina, ndipo komiti yoona za khalidwe pa kafukufuku ikhoza kukuimbani mlandu pa chimenecho pachokha.

Achitatu ndi kupempha makina kuti akupangireni dongosolo la chaputala kapena chidule cha mabuku amene simunawerenge. Mawu onse mukhoza kudzalemba nokha, koma kusankha choyamba ndi chotsatira ndiye mtima wa chaputala chounika zolemba za ena. Apanso ndi pamene pamatuluka mabuku abodza: dzina la wolemba weniweni, magazini yeniyeni, chaka chooneka bwino, koma pepalalo kulibe. Buku limodzi lotero m'ndandanda wanu ndi umboni wolemera kuposa nambala iliyonse ya pulogalamu yofufuza.

Za mapulogalamu ofufuza ngati mawu analembedwa ndi makina ndinenepo, chifukwa amakhudza inu kuposa wophunzira wa ku England. Sayeza ngati munabera. Amayeza ngati mawu anu akutsatana mosavuta kulosera. Munthu amene Chingerezi anaphunzira kusukulu amakonda mawu odziwika ndi ziganizo zotetezeka, ndipo makina amalembanso chimodzimodzi. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu asanu ndi awiri otere pa nkhani 91 zolembedwa ndi anthu pa mayeso a Chingerezi a TOEFL, ndipo pafupifupi 61 pa 100 zinanenedwa molakwika kuti ndi za makina, pomwe nkhani za ana asukulu a ku Amereka zinadutsa pafupifupi zonse. Kampani ya OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inachotsa pulogalamu yake yofufuzira mu Julayi 2023 chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Kampani ya Turnitin, yodziwika ndi pulogalamu yofufuza kukopera, inayambitsa yake mu Epulo 2023, koma yunivesite ya Vanderbilt inaizimitsa mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo Turnitin yeniyeniyo imanena kuti nambala yake isakhale umboni wokhawo wolangira wophunzira. Komabe nambalayo ikhoza kuyambitsa mafunso, ndipo mukalola makina kulemberanso ndime zathunthu, imakwera moyenerera, chifukwa ziganizozo zatulukadi m'makina.

Ndiye chitani motere. Malizani ndime m'Chingerezi chanu chomwecho, ngakhale chikhale chokhota, ndipo musunge fayiloyo ndi deti m'dzina lake musanaonetse makina alionse. Mukamagwiritsa Grammarly kapena Editor, vomerezani kusintha kumodzi kumodzi, musadine batani lovomereza zonse, ndipo mabatani olemberanso chiganizo muwasiye. Mukamagwiritsa ChatGPT kapena anzake, perekani ndime imodzi pa nthawi, ya mawu 150 mpaka 300, chifukwa mukapereka chaputala chonse makina amayamba kufupikitsa ndi kudumpha zina osakuuzani. Lamulo likhale lopapatiza:

```
Correct spelling, grammar and punctuation only. Do not reword, add or remove ideas. List each change.
```

Mawu oti improve kapena rewrite muwapewe, chifukwa ndi amene amatsegula chitseko cha mzere wachitatu uja. Ngakhale lamulo lili lopapatiza, makina salimvera nthawi zonse, ndipo mndandanda wa zosintha umene amapereka sukhala wathunthu. Choncho musamate zotulukazo m'disetesheni. Ziikeni m'fayilo ina, mutsegule Word, mupite pa `Review` kenako `Compare`, musankhe fayilo yanu ndi yokonzedwayo. Kusintha kulikonse kudzaoneka kofiira. Podutsamo, yang'anitsitsani zinthu zinayi: manambala, aneni onyamula mfundo, mawu ochepetsa mphamvu aja, ndi mayina a mabuku ndi zaka zake. Chimodzi mwa izi chikasintha, kanani. Mukaona kuti kufiira kwadzaza ndime yonse moti mawu anu akuda akungooneka apo ndi apo, ndimeyo si yanunso, ibwezeni mmene inalili. Kusintha kumene mwavomereza mulembe ndi manja anu m'fayilo yeniyeni. Zimatenga nthawi, koma pakatha machaputala awiri mudzazindikira zolakwika zanu zobwerezabwereza, ndipo mudzayamba kuzigwira nokha.

Mafayilo a madeti aja, pamodzi ndi `Version history` ngati mumalemba mu Google Docs, manotsi a m'munda ndi madirafuti okhala ndi ndemanga za asupavaiza, ndiwo chitetezo chanu mukadzakayikiridwa. Komiti ikaitana wophunzira, kawirikawiri imamufunsa kuti afotokoze ndime inayake ndi mawu ake, anene chifukwa chimene anasankhira njira imeneyo, aonetse buku limene watchula. Amene analemba yekha amayankha, ngakhale mochita chibwibwi. Amene analemberedwa amawerenga ndime yake ngati akuiona koyamba.

Sabata ino lemberani asupavaiza anu uthenga waufupi, osati kungowauza pakhonde. Nenani pulogalamu imene mukugwiritsa, ntchito yeniyeni imene ikugwira, ndi zimene simukuilola kuchita, kenako mufunse ngati dipatimenti ikulola ndiponso ngati akufuna muulule pati. Yankho lawo mulisunge. Ngati ndime zina munazidutsitsa kale mu ChatGPT ndi lamulo lotakata, bwererani ku dirafuti yakale, muzifananize ndi `Compare`, ndipo zimene zasintha tanthauzo muzilembenso kuchokera ku manotsi anu, osati kuchokera ku zimene makina anatulutsa.

Kandime koulula, kaya ka disetesheni kaya ka magazini, kamakwana ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mutchule dzina la pulogalamu ndi mtundu wake, miyezi imene munaigwiritsa, magawo amene inakhudza, ntchito imene inagwira, ndipo mumalize ndi kunena kuti munaunika kusintha kulikonse ndipo udindo wa zonse zolembedwazo ndi wanu. Ngati magazini yanu ndi ya m'gulu losafuna kuulula kukonza galamala, koma inu munagwiritsa pulogalamu yolemba yokha monga ChatGPT pa ntchito imeneyo, ndikulangizani muikebe chiganizo chimodzi m'kalata yoperekera pepala kwa mkonzi. Akaona kuti n'chosafunika adzachisiya, koma funso likadzabuka pambuyo pake, kalatayo idzakhala ili m'fayilo yawo ndi deti lake.